Chithunzi sichionetsa muzu wa bowa

Abale a ku Milange, mvula ikagwa timatumizirana zithunzi pafoni: "Kodi uwu ndi utale?" Musayankhe msanga.

Utale umamera pachulu. Mukaukumba bwino, tsinde lake limapitirira pansi ngati muzu wautali wolowera kwa chiswe. Koma pali bowa wina woyera, wonga ambulera, womera paudzu. Alibe muzu umenewu. Kunsi kwa chipewa chake kumayamba koyera, akamakula n'kumabiriwira. Ameneyu amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, kawirikawiri pasanathe maola atatu, ngakhale ataphikidwa.

Tsono ambiri amajambula pamwamba pokha, bowa atathyola kale. Muzu watsala m'dothi, chulu sichikuoneka, foninso imasintha mtundu. Musadye. Muzuleni wathunthu, mukaonetse amayi amene anazolowera kuzula bowa kwanuko.

Wina akadya n'kuyamba kusanza, thamangirani naye kuchipatala, mutatenga bowa wotsalayo.