Masikara Osachoka ndi Madzi: Madzi a Maisela Kapena Mafuta?

Masikara amene akwatibwi ambiri amapakidwa pa tsiku la ukwati anapangidwa kuti asasunthe. Misozi ya kutchalitchi siiwachotsa, thukuta la mwezi wa Okutobala siliwasungunula, ndipo amafika nawo pa perekaniperekani akadali bii ngati angopakidwa kumene. Vuto limabwera usiku. Mkwatibwi amasamba ndi sopo kawiri, masikara ali pomwepo. Akatero amayamba kupekesa m'maso ndi kansalu mpaka maso afiire, ndipo m'mawa amapeza timatsitsi ta m'zikope titatsalira pa kansaluko.

M'masitolo muli zinthu ziwiri zimene zimalonjeza kuthetsa vutoli: madzi a maisela ndi mafuta otsukira nkhope. Zonse zimachotsa zodzoladzola, koma sizigwira ntchito mofanana, ndipo pa masikara osachoka ndi madzi kusiyana kwake n'kwakukulu.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kudziwa kaye zimene zili m'kabotolo ka masikara. Masikara wamba amakhala ndi madzi ambiri, n'chifukwa chake mvula ikangowaza amayenderera m'masaya. Osachoka ndi madzi aja amakhala ndi madzi ochepa kwambiri kapena sakhala nawo n'komwe. M'malo mwake muli phula, lina la njuchi lina la mtengo wa kanauba wa ku Brazil, muli utoto wakuda, komanso mankhwala ena a silikoni amene amapanga kachikopa kopyapyala. Zonsezi zimasungunulidwa m'mafuta opepuka otchedwa aisododekeni. Munthu akangopaka, mafuta opepukawo amauluka, ndipo phula ndi utoto zimauma zitakuta tsitsi lililonse. Madzi akafika pamenepo amangotsetsereka. N'chimodzimodzi ndi penti wa mafuta: wopaka nyumba satsuka bulashi yake ndi madzi, amaiviika m'palafini, chifukwa chimene chinasungunulidwa ndi mafuta chimafuna mafuta kuti chisungunukenso.

Madzi a maisela anatchuka kuchokera ku France. Kampani ya Bioderma inatulutsa madzi ake otchedwa Sensibio H2O m'chaka cha 1995, ndipo akatswiri okongoletsa anthu a zionetsero za zovala anawakonda chifukwa ankatha kufufuta nkhope ya mtsikana ndi kumupakanso zina popanda kupita naye pampopi. Ukawayang'ana amaoneka ngati madzi akumwa, koma muli timankhwala ta mtundu wa sopo wofatsa kwambiri. Kamankhwala kalikonse kali ndi mbali ziwiri: mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Tikakhala m'madzi timaunjikana n'kupanga timipira tosaoneka ndi maso, michira italoza mkati, mitu ili kunja. Timipira timeneti ndiye maisela. Thonje lonyowetsedwa ndi madziwa likadutsa pakhungu, michira ija imakola mafuta, fumbi ndi utoto, n'kuzisiya pathonjepo.

Pa nkhope ya tsiku ndi tsiku, yomwe yangopakidwa paudala, faundeshoni pang'ono ndi masikara wamba, njirayi ndi yokwanira. Ndi yothandizanso paulendo, m'chipatala, kapena tsiku limene madzi asiya kutuluka pampopi. Koma mphamvu ya maisela ili ndi malire. Mbali yaikulu ya botololo ndi madzi, ndipo timankhwala tija amatiika tochepa mwadala kuti tisamawawe m'maso. Phula louma la masikara olimba limachuluka kuposa zimene timichira timeneto tingakole. Thonje loyamba limada pang'ono, lachiwiri chimodzimodzi, lachisanu likadali kuda. Apa mpamene dzanja limayamba kuwonjezera mphamvu, ndipo chimene chikuchotsa masikara tsopano si maisela ayi koma kukhula.

Kukhulako ndi kumene kumawononga. Khungu la pazikope ndi limodzi mwa makungu opyapyala kwambiri m'thupi lonse, ndipo silichedwa kutupa kapena kusuwa. Kwa anthu akhungu lakuda, malo amene akhala akupekesedwa kawirikawiri amatha kuda kuposa pena ponse, ndipo kudako kumatenga miyezi kuti kuzimiririke. Tsitsi la m'zikope lomwe laumitsidwa ndi phula silipindika msanga, choncho likakokedwa limathyoka kapena kuzuka, ndipo kuti limerenso pamapita masabata angapo.

Mafuta otsukira nkhope ali ndi mbiri ina. Shu Uemura, katswiri wa ku Japan yemwe anagwirapo ntchito yokongoletsa osewera mafilimu ku Hollywood m'zaka za m'ma 1950, anaona kuti zodzola zokhuthala za m'mafilimu zinkachoka bwino ndi mafuta. M'zaka za m'ma 1960 anayamba kugulitsa mafuta ake otsukira nkhope ku Japan, ndipo kuchokera kumeneko chizolowezi chotsuka nkhope kawiri, koyamba ndi mafuta kenako ndi sopo wa kunkhope, chinafalikira ku Korea ndi maiko ena. Mafutawa salimbana ndi phula pang'onopang'ono ngati maisela. Amalowa m'kachikopa kouma kaja, n'kukafewetsa mpaka kasungunuke.

Chimene chimasiyanitsa mafuta amenewa ndi mafuta ophikira ndi mankhwala ena amene amathiramo, othandiza mafuta kusakanikirana ndi madzi. Akakhala pankhope youma amakhala mafuta basi. Ukangothirapo madzi pang'ono amasanduka oyera ngati mkaka, ndipo amatsukika onse pamodzi ndi utoto umene asungunula. Mafuta a kokonati, a maolivi kapena vaselini nawonso amasungunula masikara ndithu, koma alibe mankhwala amenewo. Amakanirira pakhungu, amasiya chifunga m'maso, ndipo amafuna sopo wambiri kuti achoke. Mafuta a kokonati amathanso kutseka timabowo ta pakhungu mwa anthu amene sachedwa kutuluka ziphuphu.

Titenge nkhope ya mkwatibwi amene wapakidwa faundeshoni yokhalitsa, paudala, utoto wa m'mphepete mwa maso, masikara osachoka ndi madzi opakidwa mobwereza, ndi lipisitiki wouma uja wosachoka pakapu. Ayambe n'kusamba m'manja ndi kuwapukuta mpaka aume. Ngati wavala magalasi omatika m'maso awachotse, ndipo ngati anamumata tsitsi la m'zikope loikirira la tsiku limodzi alimatule pang'onopang'ono kuyambira kumapeto kwa diso. Nkhope isanyowe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mafutawo akakumana ndi madzi msanga amasanduka mkaka asanagwire ntchito, ndipo mphamvu yake yosungunula imachepa.

Kenako athire mafuta m'dzanja, mwina kupopa kawiri kapena katatu, okwanira kuti zala ziziyenda motelera. Ayambe ndi masaya, chipumi ndi chibwano, akusisita mozungulira kwa mphindi imodzi. Pamaso ndi potsiriza. Atsinzine, aike nsonga za zala zamafuta pazikope, n'kudikira masekondi 20 kapena 30 osasuntha. Kudikirako ndi kumene kumagwira ntchito yaikulu. Akatero asisite tsitsilo kuchokera kumizu kutsikira kunsonga, osati cham'mbali. Chizindikiro choti zikuyenda bwino n'chakuti tsitsi lomwe linali lolimba limafewa, ndipo zala zimada bii popanda kukoka chilichonse. Ngati pakumvekabe timibulu, awonjezere dontho la mafuta n'kudikiranso.

Tsopano anyowetse zala ndi madzi ofunda, osati otentha, n'kusisitanso mpaka mafuta onse ayere. Atsukuluze bwinobwino, kenako asambe ndi sopo wofatsa wa kunkhope. Apa madzi a maisela amapeza ntchito yake yabwino: kamtengo ka thonje konyowetsedwa ndi madziwa kamalowa m'mizu ya tsitsi ndi m'ngodya za maso, momwe zala sizifika. Kakatuluka koyera, ntchito yatha. Munthu akadzuka m'mawa n'kupeza kunsi kwa maso kwada, ndiye kuti dzulo masikara sanachoke onse.

Zotsalira zimenezi si nkhani ya maonekedwe chabe. M'mphepete mwa zikope muli timabowo totulutsa mafuta amene amateteza misozi kuti isaume msanga. Tikatsekeka, maso amauma, amanyerenyetsa, ndipo nthawi zina pamatuluka kachotupa. M'chaka cha 2018, dokotala wa maso wa ku Sydney m'dziko la Australia, Dana Robaei, analemba m'magazini ya madokotala yotchedwa Ophthalmology za mayi wa zaka 50 yemwe anakhala akupaka masikara kwa zaka zoposa 25 osawachotsa bwino. Mayiyo ankamva ngati m'maso muli mchenga. Atatembenuza zikope zake, dokotalayo anapeza timiyala takuda ta masikara titakhazikika m'kati, tina tikukanda diso lenilenilo. Ndi zosachitikachitika, koma zikusonyeza kumene utoto wotsalira umapita.

Pali njira yapakati kwa amene sakonda mafuta pankhope yonse. Makampani ena, monga Garnier, amagulitsa madzi a maisela okhala ndi magawo awiri: m'botolo mumaoneka madzi pansi, mafuta opepuka akuyandama pamwamba. Amenewa amachotsadi masikara olimba, koma chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi gawo la mafutalo. N'chifukwa chake botolo liyenera kukhutchumulidwa mpaka magawo awiriwo asakanikirane, ndipo thonje linyowe bwino, likhale pachikope masekondi 20 kapena 30 lisanatsetsereke. Woiwala kukhutchumula amathira zosasakanikirana, n'kumadabwa kuti botolo lomwelo tsiku lina lagwira ntchito, tsiku lina lalephera. Ngakhale mabotolo ambiri a maisela amalemba kuti palibe chifukwa chotsukuluza, anthu akhungu losachedwa kuyabwa amapeza bwino akatsukuluza ndi madzi, popeza timankhwala ta sopo tija timatsalira pakhungu.

Nthawi zina mafuta sakhala oyenera. Amene anamatidwa tsitsi la m'zikope lokhalitsa, lomwe amamata limodzilimodzi ku saluni, amalangizidwa kupewa mafuta pamalopo chifukwa amafooketsa guluu, ndipo amauzidwanso kuti asapakepo n'komwe masikara osachoka ndi madzi. Palinso masikara a mtundu wina amene amakuta tsitsi lililonse ndi kachubu kofewa. Amenewa samva mafuta kwenikweni. Amavuka okha akanyowa ndi madzi ofunda kwa kanthawi, ndipo timizere takuda timene timagwera m'beseni si tsitsi ayi koma timachubu tija.

Wodwala maso, kapena amene wangochitidwa opaleshoni ya maso, asiye kaye masikara ndi zochotsera zake zonse mpaka dokotala amulole. Ndipo mafuta akalowa m'diso n'kuchititsa chifunga, atsukuluze ndi madzi aukhondo ambiri. Chifungacho chimatha pakapita mphindi zochepa, koma ngati diso likupwetekabe kapena lafiira mpaka tsiku lotsatira, apite kuchipatala akamuone.