Mitengo Ikamalakwa Mosiyana, Nkhalango Imalondola

Ku yunivesite ya Wisconsin, ku America, ofufuza anasonkhanitsa miyeso ya zotupa za m'mawere 569. Pa chotupa chilichonse anayeza zinthu 30 za maselo ake, monga kukula kwa phata la selo ndi kukhakhala kwa m'mphepete mwake. Zotupa 212 zinali khansa, 357 sizinali. Kompyuta imapatsidwa miyesoyi kuti iphunzire kusiyanitsa magulu awiriwa.

Njira yapafupi ndi mtengo wa mafunso. Kompyuta imafunsa kuti, kodi phata lakula kupyola apa? Yankho likakhala inde imatsata nthambi ina, likakhala ayi imatsata inanso, n'kufunsa funso lina mpaka itafika pa chigamulo. Vuto la mtengo wotere ndi kutengeka. Mukachotsa odwala ochepa chabe pa mndandanda, funso loyamba likhoza kusintha, ndipo nthambi zonse zapansi pake zimasintha nalo. Kugwedezeka kumeneku akatswiri a masamu amakutcha valiyansi.

Leo Breiman wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anabwera ndi mankhwala ake mu 1996, njira yotchedwa bagin'i. Kompyuta imachita maere ka 569, ndipo dzina lililonse likatuluka imalibwezera m'chipewa. Motero wodwala wina amatuluka kawiri kapena katatu, wina osatuluka n'komwe. Pamapeto pake pafupifupi odwala 63 pa 100 alionse, ngati 360, ndi amene amalowa m'gulu lophunzitsira mtengo umodzi. Maere amabwerezedwa pa mtengo wachiwiri, wachitatu, mpaka mitengo 100. Chotupa chatsopano chikabwera, mtengo uliwonse umaponya voti, ndipo ambiri ndiwo amapambana. Mtengo wina ukaphonyera kumanja wina kumanzere, zophonyazo zimafafanizana.

Koma pali potsamwitsa. Ngati muyeso umodzi uli wamphamvu kwambiri, pafupifupi mitengo yonse imayamba ndi funso lomwelo, ndiye imafanana, n'kumalakwa pamalo amodzimodzi. Zili ngati mboni 100 pabwalo la mfumu zimene zonse zinamva nkhani kwa munthu mmodzi: kuchuluka kwawo sikuwonjezera umboni.

Masamu ake ndi awa:

```
ρσ² + (1 − ρ)σ² / B
```

Apa σ² ndi valiyansi ya mtengo umodzi, B ndi chiwerengero cha mitengo, pomwe ρ ikusonyeza mmene mitengo imagwedezekera limodzi, kuyambira 0 mpaka 1. Tingoyerekeza kuti σ² ndi 100 ndipo mitengo ilipo 100. Mitengoyo ikanakhala yosadalirana konse, valiyansi ikanatsika kufika pa 1. Koma ρ ikakhala 0.5, gawo loyamba limapereka 50, lachiwiri 0.5, zonse pamodzi 50.5. Onjezerani mitengo ifike 1,000, mupeza 50.05, phindu losaoneka n'komwe. Gawo loyambalo silimva za kuchuluka kwa mitengo. Tsitsani ρ ifike 0.1, mitengo ikhale 100 yomweyo, valiyansi imagwa kufika pa 10.9.

N'chifukwa chake nkhalango ya maere, imene Breiman anafalitsa mu 2001, ili ndi maere achiwiri. Ganizo lobisira mitengo miyeso ina linali litayesedwa kale ndi Tin Kam Ho wa ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1990. Pa mphanda iliyonse, mtengo suloledwa kuona miyeso yonse 30. Umapatsidwa 5 yokha yotoledwa mwamaere, nambala yoyandikira sikweya ruti ya 30, n'kusankhapo wabwino. Muyeso wamphamvu uja umapezeka m'gulumo kamodzi pa maulendo 6 alionse, choncho miyeso ina imapeza mpata wolankhula. Mtengo uliwonse umafookako pang'ono, koma mitengo imasiya kutsanzirana. Wogwiritsa ntchito `scikit-learn` amangolemba chonchi:

```python
RandomForestClassifier(n_estimators=100,
    max_features="sqrt", oob_score=True)
```

Chosangalatsa n'choti odwala osiyidwa pa maere aja satayika. Wodwala aliyense anasiyidwa ndi mitengo pafupifupi 37 pa 100, ndiye mitengo imeneyo yokha, imene sinamuonepo, imamuponyera voti. Zotsatira zake, `oob_score_`, zimasonyeza mmene nkhalango ingachitire pa odwala achilendo. Mitengo ikamawonjezeredwa koma nambalayi osasuntha, ndiye kuti mitengo yakwana. Ikatsika pamene `max_features` yachepetsedwa kufika pa 1, ndiye kuti mitengo yafooka mopitirira.

Pali cholakwa china chimene mavoti sangachotse. Ngati zotupa zina zinalembedwa molakwika kuyambira pachiyambi, kapena makina a chipatala china amayeza maselo mosiyana ndi a ku Wisconsin, mitengo yonse imaphonyera mbali imodzi. Ndipo `oob_score_` sichenjeza za chipatala chachiwiricho, poti odwala ake onse ndi ochokera pa mndandanda woyamba uja. Pamenepo pamafunika kuyesa nkhalangoyo pa odwala a chipatala chatsopanocho isanayambe kugwiritsidwa ntchito.