Balansi yokha sikwanira: pemphani sitetimenti yonse ya ngongole yanu

Ambiri amene tikubweza ngongole ku banki, ku SACCO kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama timakhutira ndi uthenga wa pafoni wotiuza ndalama zomwe zatsala. Komatu nambala imodziyo sinena momwe yafikira pamenepo. Chomwe chimanena zonse ndi sitetimenti ya akaunti, ndipo iyenera kuyambira tsiku limene munalandira ngongoleyo mpaka lero, osati kaja kakafupi kongoonetsa zochitika zochepa zaposachedwa.

Popempha, lembani kalata. Tchulani dzina lanu, nambala ya ngongole ndi masiku omwe mukufuna. Nenaninso kuti pa ndalama iliyonse yomwe munalipira paoneke tsiku lomwe inalowa, nambala ya risiti, komanso momwe anaigawira: ingati inapita ku ngongole yeniyeni, ingati ku chiwongoladzanja, ingati ku chindapusa kapena inshulansi. Chititsani fotokope kalatayo ndipo akudindireni tsiku lomwe ailandira. Mabungwe ena amalipiritsa posindikiza sitetimenti, choncho funsiranitu mtengo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika amene watenga K600,000, yoti abweze K65,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12, zonse pamodzi K780,000. Walipira kuyambira Januwale mpaka Sepitembala osadumphitsa. Mu kope lake zatsala K195,000, koma uthenga wa pafoni ukuti K273,000. Pali kusiyana kwa K78,000.

Atalandira sitetimenti, mayiyu akuyala kope lake pambali pake pamodzi ndi mauthenga onse otsimikiza kuti ndalama zinapita, n'kuyamba kuchonga mzere ndi mzere. Januwale zagwirizana, Febuluwale chimodzimodzi, mpaka wafika pa Meyi: mu kope muli K65,000, pa sitetimenti mulibe. Atawerenganso uthenga wa tsikulo akupeza kuti foni yake inali yowonongeka, analipira kudzera kwa ejenti, ndipo pa nambala ya ngongole panasowa nambala imodzi. Ndalamayo inafika ndithu ku bungwelo, koma poti sinadziwike mwini wake, anaisunga mu akaunti yodikirira ya ndalama zosadziwika eni ake.

Nanga K13,000 yotsalayo? Apa ndi pamene ambiri sitimvetsa. Kwa kompyuta ya bungwelo, mayiyu sanalipire Meyi. Ndalama ya Juni inakatseka dzenje la Meyi, ya Julayi inatseka la Juni, ndipo mwezi uliwonse ankaoneka wotsalira ndi mwezi umodzi. Pangano lake limati wochedwa alipire K3,250 pamwezi, ndiye kuyambira Juni mpaka Sepitembala chindapusa chinalembedwa kanayi. Vuto linachitika kamodzi, koma likanapitirira kubala mpaka ngongole kutha.

N'chifukwa chake sikokwanira kuti angopeza K65,000 ija. Mayiyu apemphe kuti ailowetse pa tsiku lomwe analipiradi, lija lili pa uthenga, ndipo zindapusa zonse zomwe zinabwera chifukwa cha kusowa kwake azichotse. Akailowetsa ndi deti la lero, K13,000 ikhalabe pa mutu pake. Umboni wake waukulu ndi nambala ya kutumiza ndalama yomwe imabwera mu uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ine ndimalangiza kuikopera mu kope tsiku lomwelo, chifukwa foni imatayika ndipo inki ya timalisiti ta pamakina imafufutika msanga.

Si kusiyana kulikonse komwe ndi kulakwitsa. Ndalama yolipira Lachisanu madzulo ikhoza kulembedwa Lolemba. Kwa omwe amadulidwa pa malipiro, monga aphunzitsi, kapepala ka malipiro kamangoonetsa kuti abwana anadula. Tsiku lomwe anatumiza kwa wobwereketsa limaoneka pa sitetimenti, ndipo nthawi zina mpata wake ndi waukulu. Mukaona chindapusa pa mwezi womwe munadulidwa, tengani kapepalako kwa onse awiri. Onetsetsaninso ndalama zolembedwa kawiri, ndiponso ngati chiwongoladzanja chikufanana ndi cha pa pangano lomwe munasaina.

Musachedwe nazo, chifukwa obwereketsa amatumiza mbiri ya kabwezedwe kanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, omwe amayendera lamulo la 2010. Munthu wolipira mokhulupirika akhoza kukanizidwa ngongole kwina chifukwa cha mwezi umene analipira. Akakonza, pemphani sitetimenti yatsopano muone ndi maso anu, ndipo afunseni kuti akonzenso mbiri yomwe anatumiza. Ngati bungwelo silikukuthandizani, dandaulo lanu mukhoza kupita nalo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ovomerezeka. Mutenge kalata yodindidwa ija, sitetimenti ndi malisiti anu onse.