"Ndi zingati?" kenako zii: musamutaye kasitomala ameneyo

Aliyense wogulitsa malonda pa WhatsApp kapena pa Facebook amaudziwa uthenga uwu: "Ndi zingati?" Mumatchula mtengo, timizere tiwiri tija timasanduka tabuluu, kenako zii. Ambiri amangoti munthuyo amangocheza, n'kumuiwala. Komatu wofunsa mtengo ndiye kuti katunduyo wamugwira mtima. Chamuimitsa mwina ndi malipiro omwe sanatuluke, bandulo yomwe yatha, kapena mantha oti atumiza ndalama katundu osafika. Wogulitsa akapanda kubwereranso kwa iye, sangadziwe kuti chavuta n'chiti.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje ku Limbe. Lolemba m'mawa wina wafunsa mtengo. Mayiyu asangolemba nambala yokha, ayankhe motere: "Zikomo mayi. Chimenechi ndi K18,000, mayadi 6. Chilipo chofiira ndi chobiriwira. Mwakonda chiti, ndipo muli dera liti?" Mtengo wokha umatseka nkhani, pomwe funso losavuta kuyankha limaipititsa patsogolo. Pa WhatsApp Business yankho lotere mutha kulisunga pa Quick replies, ndipo mukalemba chizindikiro cha / limatulukira lokha, inu n'kungosintha mtengo ndi mtundu.

Chachiwiri ndi kope. Mauthenga a pafoni amakwiririka msanga, moti wofunsa m'mawa pofika madzulo amakhala ali pansi pa magulu a kutchalitchi ndi a pachibale. Choncho lembani zinthu zinayi: dzina lake, chomwe wafunsa, tsiku lomwe wafunsa, ndi tsiku lomubwerera. Madzulo aliwonse mukatseka malonda, tsegulani kopelo kwa mphindi 15 ndi kulembera okhawo amene tsiku lawo lakwana.

Kubwerera koyamba kukhale mawa lake. Apa ambiri amalakwitsa polemba kuti "Mwaganiza bwanji?" Funso limeneli limamveka ngati la wolonjerera ngongole, ndipo munthu amachita manyazi kuyankha kuti alibe ndalama. Bwerani ndi chinthu chatsopano. Mayi wa ku Limbe uja ajambule chitenjecho panja, dzuwa likuwala, n'kulemba kuti: "Mwaswera bwanji mayi? Nachi chofiira chija mmene chikuonekera masana. Ngati muli kutali timatumiza, ndipo mtengo wotumizira ndikuuzani musanalipire."

Yankho lomwe limabwera pamenepa ndi lomwe limaulula vuto lenileni. Kasitomala akati, "Ndili ku Mzuzu, ndikudikira malipiro," musakakamize, komanso musangovomera mawu oti kumapeto kwa mwezi. Funsani mwaulemu kuti, "Ndikukumbutseni pa 28?" Akavomera, lembani tsikulo m'kope. Uthenga wanu wachiwiri ukadzafika pa 28, sudzakhala wovutitsa, chifukwa mwini wake anauloleza. Ngati akufuna mumusungire, gwirizanani kandalama koyambira ndi tsiku lomalizira, kuti katundu asangokhala pashelefu ena akumufuna.

Yang'ananinso timizere tija. Kamodzi kotuwa ndiye kuti uthenga sunafike pafoni yake, mwina alibe bandulo, ndipo kuwonjezera mauthenga n'kutaya nthawi. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika, koma ena amazimitsa tabuluu, choncho musafulumire kuganiza kuti sanawerenge.

Akakhalabe chete, dikirani sabata imodzi mulembe komaliza: "Mayi, chitenje chija chikadalipo. Mukachifuna ndiuzeni, apo ayi tidzachezanso katundu wina akabwera." Mukatero lekani. Katatu n'kokwanira. Wovutitsidwa tsiku ndi tsiku amakubulokani, ndipo anthu ambiri akadandaula za nambala yanu, WhatsApp itha kuitseka. Musanamenso kuti chatsala chimodzi pomwe muli nazo khumi, chifukwa akadzachionanso pa status yanu mwezi wamawa, sadzakukhulupiriraninso.

Akati agula, musamusiye akufunsafunsa. Mu uthenga umodzi lembani ndalama zonse pamodzi ndi zotumizira, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, dzina lomwe lituluke akamatumiza, ndi tsiku lomwe katundu anyamuke. Musadalire chithunzi cha uthenga wa malipiro chomwe wakutumizirani, pakuti zithunzi zotere akamberembere amapanga zabodza. Onani pafoni yanu kuti ndalama yalowadi. Kenako jambulani phukusi lili ndi dzina lake pamodzi ndi lisiti la otumiza, ndipo likafika mufunse ngati walandira bwino. Wogula amene mantha ake mwawachotsa kamodzi, ulendo wina safunsanso zambiri.

Usiku uno tsegulani foni yanu, muwerenge anthu amene anafunsa mtengo sabata yathayi inu osawabwereranso. Alembeni m'kope, ndipo mawa muyambe ndi asanu oyambirira.