Mphunzitsi wozunzidwa ndi mkulu wa sukulu angathe kukadandaula ku ofesi ya DEBS

Aphunzitsi a m'sukulu za boma mu mzinda wa Lusaka amene akuzunzidwa ndi akulu awo pa nchito ali ndi njira yoperekera madandaulo kunja kwa sukulu, ngakhale kuti njirayo ili ndi copinga pa ciyambi pomwe. Mwa mwambo wa nchito za boma, kalata ya mphunzitsi yopita ku ofesi ya pamwamba imadzera m'manja mwa mkulu wa sukulu, ndipo pamutu pake pamalembedwa zilembo za u.f.s. Motero munthu amene akudandaulidwayo ndiye amayamba kuigwira, ndipo angathe kungoitsekera m'kabati.

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Chelstone amene mkulu wace amamnyoza pamaso pa ana a sukulu, amamuunjikira makalasi, ndipo akukana kusaina mapepala ace a chuthi. Coyamba, mphunzitsiyo alembe m'buku tsiku la cocitika ciliconse, mau amene ananenedwa, ndi maina a amene analipo. Asunge mauthenga a pa foni ndi ndandanda ya maphunziro yoonetsa makalasi amene anapatsidwa. Dandaulo longoti "ahedi amandida" silipita patali, cifukwa mkuluyo adzayankha kuti anali kungolangiza wa nchito waulesi.

Kalatayo ilembedwe kwa mkulu wa maphunziro m'boma la Lusaka, wochedwa District Education Board Secretary, kapena kuti DEBS. Imodzi ipite kudzera kwa mkulu wa sukulu monga mwa mwambo, koma ina yofanana nayo mphunzitsiyo akaipereke yekha ku ofesi ya DEBS, ndipo apemphe cidindo ca tsiku pa yacitatu imene adzasunga. Cidindoco ndico umboni ngati kalata yoyamba yasowa. Ndi bwino kupita ndi woimira bungwe la aphunzitsi, monga ZNUT, BETUZ kapena SESTUZ, ndipo mphunzitsiyo asaleke kupita ku nchito, pakuti kujomba kumapatsa mkuluyo mlandu weniweni womuimba nao.

Ngati a DEBS sanacitepo kanthu, nkhaniyo ipite kwa Provincial Education Officer wa cigawo ca Lusaka, kenaka kwa mlembi wamkulu mu unduna wa maphunziro ndi ku Teaching Service Commission, imene imayang'anira zolemba nchito ndi zolanga aphunzitsi a boma. Bungwe la Teaching Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, limamvanso milandu ya khalidwe loipa, popeza mkulu wa sukulu nayenso ndi mphunzitsi wolembetsedwa. Pamene maofesi angokhalira kalata osayankha, ofesi ya Public Protector imalandira madandaulo otere.

Koma ngati pali kumenyedwa, kuopsezedwa kapena kukakamizidwa cigololo, mphunzitsiyo asadikire makalata amenewa. Apite ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit, tsiku lomwelo.