Sivi ya kiliniko ofesa: kulemba zomwe manja anagwira

Usiku pachipatala cha paboma, mayi akalephera kuchira mwachibadwa, amene amadzutsidwa kuti akamuchite opaleshoni nthawi zambiri ndi kiliniko ofesa. Odwala amangomutchula kuti adokotala, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa ntchito yomwe amaiona ndi yaudokotala ndithu. Anaphunzira zaka zitatu za dipuloma, mwina ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, nachitanso chaka chimodzi chogwira ntchito moyang'aniridwa asanalembedwe m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Komatu munthu yemweyu, tsiku lomwe wamva kuti ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu kukufunika anthu, amakhala pansi n'kulemba sivi yosasiyana ndi ya mnzake amene wamaliza sukulu chaka chatha. Pamzere wa ntchito amalemba kuti: “Kuona odwala, kuyendera mawodi, kuchita maopaleshoni.” Basi.

Mzere umenewu umandiwawa, chifukwa ndi woona koma sukunena kanthu. Kiliniko ofesa aliyense m'dziko muno angathe kuulemba. Amene akuwerenga kuchipatala chachikulu, kaya ndi mkulu wa dipatimenti kaya a gulu losankha anthu, ali ndi funso limodzi m'mutu: munthu uyu tikamusiya yekha mu wodi pakati pa usiku, angathe chiyani, ndipo nchiyani chomwe adzaitanire wamkulu? Sivi yonse iyenera kuyankha funso limenelo.

Tiyerekeze mayi wina amene wagwira ntchito zaka zinayi pachipatala cha paboma, ndipo akufunsira malo ku dipatimenti ya amayi oyembekezera pachipatala chachikulu. Manambala onse amene ndimupatse pano ndi ongoyerekeza. Pa zaka zinayizo, miyezi 18 anali ku mateniti, chaka chimodzi ku wodi ya ana, ndipo miyezi yotsalayo anaigawa pakati pa wodi ya abambo ndi koonera odwala oyendera. Asanalembe chilichonse, ulendo wake woyamba ukhale wa ku thiyeta, kukapempha buku la kaundula wa maopaleshoni. M'bukumo muli tsiku, mtundu wa opaleshoni, dzina la amene anachita, la amene anathandizira ndi la amene anagoneka wodwala. Awerenge yekha, tsamba ndi tsamba, mosadalira chikumbumtima, poti usiku wovuta umatalika m'mutu ndipo opaleshoni imodzi imasanduka zitatu.

Akawerenga, zomwe wapezazo azigawe patatu: zomwe anachita yekha popanda womuyang'anira, zomwe anachita mpeni uli m'manja mwake koma wamkulu ataima pambali, ndi zomwe anangothandizira. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mawu akuti “ndinachita nawo” ndi otakata kwambiri. Amakwana amene anatsegula mimba komanso amene anangogwirizira zitsulo. Tsono mzere wake wa siza utha kumveka chonchi: kuyambira Januwale 2022 mpaka Juni 2023, masiza 160 ndinachita ndekha, 25 moyang'aniridwa pamene ndinkayamba. Pansi pake: mimba yokhala kunja kwa chiberekero yomwe yaphulika, 14 ndekha. Kukolopa m'chiberekero mayi akapita padera, 120. Kukoka mwana ndi vakyumu, 20. Kuchotsa chiberekero mwadzidzidzi chikang'ambika kapena magazi akakana kusiya, 2 moyang'aniridwa, 6 kuthandizira, ndekha ayi.

Anthu ambiri amaopa kulemba mawu otsirizawo, poganiza kuti akudziipitsira. Ine ndimaona kuti ndi amene amapatsa mphamvu mizere ina yonse. Katswiri amene wachita maopaleshoni zaka zambiri amadziwa kuti kuchotsa chiberekero cha mayi amene akutaya magazi si ntchito yomwe munthu amaizolowera m'miyezi 18. Akaona kuti mwavomera malire anu pamenepo, amakhulupiriranso masiza 160 aja. Ndipo manambala amayesedwa mosavuta. Masiza 160 pa miyezi 18 ndi pafupifupi 9 pamwezi, zomwe n'zomveka kwa munthu amene amasinthana ndi anzake ntchito ya usiku. Wina akalemba 900 pa nthawi yomweyo, ndiye kuti 50 mwezi uliwonse iye yekha, ndipo wowerenga ayamba kufunsa kuti anzake ankachita chiyani. Pa intaviyu funso limabwera losavuta kumva: “Tatiuzeni, mwatulutsa mwana, chiberekero chalobodoka, magazi akutuluka. Mumayambira pati?” Amene anachitadi amayankha mwadongosolo, kuyambira kutikita chiberekero, mankhwala a okositosini, kufufuza ngati nsengwa yatsalira kapena pena pang'ambika, kuitanitsa magazi, mpaka nthawi yoitana wamkulu. Amene anakokomeza amagwidwa asanamalize chiganizo chachiwiri.

Chaka cholembedwa pambali pa nambala n'chofunikanso. Mayi wathuyu ngati siza yake yotsiriza anaichita mu 2023, kenako n'kusamutsidwira koonera odwala oyendera, anene choncho, ndipo ngati amalowabe ku thiyeta akakhala pa ntchito ya usiku alembenso kuti kangati pamwezi. Luso la m'manja lili ngati khasu, likakhalitsa pakhonde limachita dzimbiri, ndipo olemba ntchito amafuna kudziwa kuti linalima liti komaliza.

Chenjezo limodzi lomwe silifuna kukambirana: m'bukumo mutengemo manambala okha. Dzina la wodwala, mudzi wake, nambala ya fayilo yake kapena chithunzi cha tsamba la kaundula zisalowe mu sivi, ngakhale m'mapepala omwe mwaphatikizapo. Chinsinsi cha wodwala sichitha chifukwa choti inu mukufuna ntchito. Ngati mukufuna umboni, lembani chiwerengero chanu papepala limodzi, mkulu wa madokotala pachipatalapo kapena woyang'anira thiyeta asainire ndi kudinda chidindo.

Pa za mawodi, cholakwika chofala n'kungotchula maina: ya ana, ya amayi, ya abambo, ya chifuwa chachikulu. Dzina la wodi silinena kulemera kwa ntchito. Wodi ya ana ya mabedi 40 m'mwezi wa Juni ndi ina, yomweyo m'miyezi ya mvula malungo atavuta, ana atagona awiriawiri pabedi, ndi inanso. Choncho mayiyu alembe kuti wodiyo inali ndi mabedi angati, ankaona ana pafupifupi angati patsiku, ankayendera wodi yekha kapena ndi dokotala, ndipo ntchito ya usiku inkamugwera kamodzi pa masiku angati. Awonjezere zomwe ankachita ndi manja kumeneko: kutenga madzi a pamsana pofufuza matenda oumitsa khosi, kuika dilipi kudzera m'fupa mwana akauma mpaka mitsempha kusowa, kuika magazi, kuyang'anira makanda obadwa masiku asanakwane omwe ali pa makina othandiza kupuma. Ngati ndiye ankakonza ndandanda ya ntchito, kuphunzitsa ophunzira obwera kudzayeserera, kapena kupereka lipoti pamsonkhano wounika imfa za amayi oyembekezera, zimenezo zilembedwe ndi chaka chake.

Pali chinthu china chomwe ambiri ochokera kumaboma sachiganizira. Kuboma, ulemu wa kiliniko ofesa ndi woti amatha zonse: m'mawa wamanga pulasitala, masana wachita chophuka, usiku siza. Chipatala chachikulu sichiyenda motero. Kumeneko kuli akatswiri, madokotala omwe akuphunzira ukatswiri, ndi ena ongomaliza kumene sukulu, onse akufuna malo pa tebulo la opaleshoni, ndipo munthu amakhala m'dipatimenti imodzi. N'kutheka ndithu kuti mayi wathuyu akachita masiza ochepa kuposa omwe amachita pano. Chomwe akafunidwe kwambiri ndi kuzindikira msanga mayi amene akuipiraipira, kulemba bwino m'fayilo, kusiyira mnzake odwala momveka ntchito ikatha, ndi kulandira odwala otumizidwa kuchokera kumaboma. Pamenepa ali ndi chuma chomwe ena alibe, poti iye wakhala kumbali yotumizayo, ndipo amadziwa zomwe zimachitikira mayi wa kuthamanga kwa magazi amene wayamba kukomoka m'maola a mu ambulansi. Ndiye tsamba loyamba lidzaze ndi za mateniti. Pulasitala ndi chophuka zipite kumunsi, mizere iwiri yakwana. Akanakhala kuti akufunsira ku ana, akanatembenuza dongosololi.

Gawo la maphunziro apantchito ndi lomwe limatupa kwambiri, chifukwa kumaboma maphunziro a masiku awiri kapena atatu sasowa. Ena amalemba mizere 25, kusakaniza msonkhano wa tsiku limodzi wa kuhotela ndi kosi yomwe inali ndi mayeso. Ndi bwino kusankha asanu kapena asanu ndi limodzi okhudza ntchito yomwe mukufunsira, ndipo pa alionse munene chaka, masiku angati, anakonza ndani, ndi chomwe munachita nawo mutabwerera. Mwachitsanzo ETAT, njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere kuti athandizidwe msanga, inakulira ku Queens komweko m'manja mwa Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake, kotero ku dipatimenti ya ana dzinali silifuna kumasulira. Koma kulemba kuti “ndinaphunzira ETAT” n'kochepa poyerekeza ndi kulemba kuti munaphunzira mu 2021, ndipo mutabwerako munaphunzitsa anamwino ndi othandizira kuzindikira mwana wobanika akadali pakhomo. Kwa mayi wathu wa ku mateniti, patsogolo pakhale maphunziro a chisamaliro chadzidzidzi cha amayi ndi makanda, komanso Helping Babies Breathe, yophunzitsa kuthandiza khanda kupuma m'mphindi yoyamba litabadwa. Maphunziro a mankhwala otalikitsa moyo alembedwe ndi chaka chomwe munawachitanso komaliza, chifukwa ndondomeko za mankhwalawa zakhala zikusintha, ndipo setifiketi yakale yokha sisonyeza kuti mukudziwa zomwe zikuperekedwa lero.

Maphunziro aatali asasakanikirane ndi amenewa. Dipuloma yowonjezera ya za mafupa kapena ya kugoneka odwala, ngakhalenso digiri ya ku Kamuzu University of Health Sciences, malo ake ndi pamwamba, pafupi ndi dipuloma yoyamba. Ngati simunamalize, lembani chaka chomwe munayamba ndi chomwe mukuyembekeza kumaliza, osalemba ngati muli nayo kale. Pamwamba pomwepo payeneranso kukhala nambala yanu ya ku Medical Council ndi chaka chomwe laisensi yanu ikugwira ntchito. Laisensi imakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo imayendera limodzi ndi mapointi a maphunziro opitiriza, choncho kabuku ka mapointi kakhale kosainidwa musanatumize kalata. Ndi zachisoni kuona munthu waluso atayidwa pa sefa yoyamba chifukwa cha laisensi yomwe inatha.

Okuchitirani umboni akhale anthu omwe anakuonani mukugwira ntchito, osati otchuka chabe. Kwa mayi wathuyu, woyamba ndi dokotala kapena kiliniko ofesa wamkulu amene anaima naye pa masiza 25 oyamba aja. Wachiwiri ndi mzamba wamkulu wa ku mateniti, amene amadziwa ngati ankabwera msanga akaitanidwa usiku. Awapemphe kaye, awapatse sivi yomweyo kuti aione, ndipo atsimikize kuti manambala a foni ndi omwe akugwiritsa ntchito pano. Akaimbiridwa n'kufunsidwa ngati n'zoona kuti mayiyu amachita yekha opaleshoni ya mimba yokhala kunja kwa chiberekero, yankho lawo liyenera kufanana ndi zomwe zalembedwa pamasamba awiri kapena atatu amenewo.