Malipiro a mlimi ndi ndalama zosunga: werengerani zaka zoipa zomwe

Ulimi ndi ntchito ya zaka makumi atatu kapena anayi, ndipo zakazi sizifanana. Mukukumbukira chilala cha 2016 ndi cha 2024, ntchemberezandonda za 2017, ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Palinso zaka zimene matenda, uchembere kapena kudwazika m'bale kumakuchotsani kumunda. Mukaika malipiro anu poyang'ana chaka chabwino chokha, chaka choipa chidzakupezani muli chimanjamanja.

Pezani phindu la zaka zisanu

Lembani phindu la zaka zisanu zapitazi, zabwino ndi zoipa zomwe. Phindu ndi chimene chatsala mutachotsa mbewu, feteleza, aganyu, mayendedwe ndi chakudya cha banja cha chaka chonse. Lembani phinduli m'matumba a chimanga a makilogalamu 50, osati m'makwacha, chifukwa kwacha imatsika mphamvu. Mu Novembala 2023 mokha inatsika ndi 44 peresenti. Ngati munagulitsa soya kapena mtedza, gawani ndalamazo ndi mtengo wa thumba la chimanga wa mwezi umene munagulitsawo.

Tiyerekeze banja limene phindu lake linali matumba 24, kenako 20, kenako 4 chaka cha chilala, kenako 24, pomaliza 8 chaka chimene mayi anadwala nthawi yopalira. Onse pamodzi ndi matumba 80. Kugawa ndi zaka zisanu, ndi matumba 16 pachaka. Amenewa ndiwo mapezedwe enieni a banjali, osati 24.

Ikani malipiro ochepera pa nambalayi

Banjali likamadzilipira matumba 24 pachaka, lidzafuna matumba 120 pa zaka zisanu, pamene limapeza 80. Matumba 40 operewerawo ndiwo amatengera anthu ku katapila.

M'malo mwake lidzilipire matumba 12 pachaka, ndiko kuti mtengo wa thumba limodzi pamwezi, wogulira sopo, mchere, chigayo ndi zina. Chaka choyamba lisunga 12. Chaka chachiwiri liwonjezera 8, zosunga zikwana 20. Chaka cha chilala litapa 8 kuti malipiro akwane, patsala 12. Chaka chachinayi zifika 24, ndipo chaka cha matenda litapa 4, patsala 20. Malipiro sanadukize ngakhale mwezi umodzi, ndipo banja lasunga ngati matumba 4 pachaka.

Njirayi ili ndi malire. Chaka choipa chikabwera poyambirira, mulibe potapa. Zikatero chepetsani malipiro kwa chaka chimenecho, koma musakhudze ndalama za mbewu ndi feteleza, chifukwa mukazidya, chaka chimodzi choipa chimasanduka ziwiri.

Zolinga ziwiri zosungira

Cholinga choyamba ndi nkhokwe ya pangozi: malipiro a chaka chimodzi kuphatikiza zipangizo zolimira nyengo imodzi. Ngati zipangizo zimadya matumba 10, banja lija lifunika 22. Pa matumba 4 pachaka, zimenezi zitenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mukatapamo, yambani mwabwezeretsa musanagule malata kapena njinga.

Cholinga chachiwiri ndi cha ukalamba. Ngati mwatsala ndi zaka 25 zogwira khasu, musawerengere matumba 100. Yerekezani kuti zaka ziwiri simudzalima n'komwe. Zaka 23 zikupatsani matumba 92, ndipo pa zaka ziwirizo mudzadyapo 24. Patsala 68, ndipo mkati mwake muli kale nkhokwe ya pangozi ija. Nambala yocheperayi ndiyo yodalirika.

Musasunge zonse malo amodzi

Chimanga chouma bwino cha m'matumba a PICS chimakuthandizani mu Januwale ndi Febuluwale, mitengo ikakwera, koma thumba likabooka anankafumbwe amalowa. Ku banki m'khonde ndalama zimabereka chiwongoladzanja, koma mumagawana pakutha pa chaka, choncho konzeranitu kumene gawo lanu likapite. Mbuzi zimaswana ndipo mtengo wake umakwera pamodzi ndi zinthu zina, komabe zimadwala, zimabedwa, ndipo nthawi ya njala zimatsika mtengo chifukwa ogulitsa amachuluka.

Mudziwa bwanji kuti malipiro mwaika okwera?

Mukaona kuti mwagulitsa chimanga chonse nthawi yokolola, mwabwereka kuti mulipire sheya ku banki m'khonde, kapena mwatapa zosunga m'chaka chimene munakolola bwino, tsitsani malipiro. Chaka chilichonse mukakolola, chotsani chaka chakale kwambiri, lembani chatsopano, muwerengenso. Musakweze malipiro chifukwa cha chaka chimodzi chabwino.

Zochita sabata ino

Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, mulembe phindu la zaka zisanu m'matumba. Pa msonkhano wotsatira mubwere ndi nambala zitatu: mapezedwe a pachaka, malipiro a pamwezi, ndi kukula kwa nkhokwe yanu ya pangozi.